Siketi ya mapuliti: kawerengedwe ka nsalu imene imabisika

Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira, makina a atelala a pakhonde la sitolo sapuma. Makolo amabwera ndi nsalu ya yunifomu m'jumbo, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: "Abambo, mita imodzi siyingakwane? Mwanayu ndi wochepa thupi." Telala akanena kuti pafunika mita ndi theka, ena amachoka akung'ung'udza, poganiza kuti akufuna kuwadyera. Chikhalirecho telalayo akunena zoona. Pa siketi ya mapuliti odzaza, nsalu imene maso amaona ndi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu. Magawo awiri enawo amabisika m'kati.

Kuti zimveke, tengani chidutswa cha nyuzipepala muchipinde ngati chilembo cha Z, kenako muchiphwathalitse. Pamene mwapindapo pali mapepala atatu osanjikizana: la pamwamba looneka, la pakati lobwerera m'mbuyo, ndi la pansi lopitirira kutsogolo. Puliti yogonera mbali imodzi, imene atelala amaitcha ya naifi, imapangika chomwecho. Kuya kwa puliti ndi mtunda umene chala chimalowa kuchokera pamphepete pake kukagunda pamene nsalu yapindikira m'kati. Popeza nsaluyo imalowa n'kutulukanso, kuya kumeneku kumawerengedwa kawiri. Choncho puliti iliyonse imadya nkhope yake yoonekayo, kuphatikizapo kuya kwake kawiri. Ngati nkhope ndi masentimita 4 ndipo kuya ndi 4, puliti imodzi yatha masentimita 12.

Pamene ambiri amaphonya ndi poyambira penipeni: amayeza m'chiuno mokha. Siketi yowerengedwa ndi muyeso wa m'chiuno imaoneka bwino ili pahang'ala, koma munthu akangoivala mapuliti amayasama pahipi, mizere yake n'kumwazika ngati mchira wa nkhukundembo. Chifukwa chake n'chakuti mapulitiwo atsegulidwa kale ndi thupi mwiniwake asanaponye phazi. Muyeso woyenera kuyambira ndi wa pahipi, pamene thupi lakula kwambiri, ndipo m'chiuno mumabwera pambuyo.

Tiyerekeze mtsikana wa kusekondale amene hipi yake ndi masentimita 92, m'chiuno 70, ndipo akufuna siketi yotalika masentimita 60. Pahipi telala awonjezerapo 4 kuti mwana azitha kukhala pansi ndi kupuma bwino, zikhale 96. M'chiuno awonjezera 2, zikhale 72. Tsopano asankha chiwerengero cha mapuliti chimene chigawike bwino m'manambala onse awiri, ndipo 24 ikuchita zimenezo: pahipi puliti iliyonse ionetsa masentimita 4, m'chiuno ionetsa 3. Mapuliti 24 a masentimita 12 aliyense akufuna nsalu yozungulira masentimita 288, komwe kuli kuchulukitsa 96 katatu. Amene anazolowera mainchi asadandaule, njira yake ndi yomweyi. Chofunika n'kusasakaniza mbali ziwiri za tepi.

Nanga kusitolo akagule yochuluka bwanji? Apa m'lifupi mwa nsalu ndi mmene muli nkhani. Nsalu zambiri za yunifomu zimabwera ndi m'lifupi mwa masentimita 150. Pa m'lifupi wotere mumalowa mapuliti 12, omwe atenga 144, n'kutsala pang'ono pa misoko ndi mphepete yolimba ija imene imadulidwa. Zidutswa ziwiri zakwanira siketi yonse. Chidutswa chilichonse chitalike masentimita 66, ndiye kuti 60 a siketi, 4 a mpendero wa m'munsi, ndi otsalawo a msoko wa m'chiuno. Ziwiri zikwana 132, bandi wa m'chiuno atenga ena 10, zonse pamodzi 142. Mita ndi theka ija ndi imeneyi. Koma nsalu ikakhala ya m'lifupi mwa masentimita 115, zidutswa ziwiri sizifika pa 288. Pafunika zitatu, ndipo mamita awiri amathera pomwepo bandi asanadulidwe.

Kusiyana kwa hipi ndi chiuno, komwe pano ndi masentimita 24, sikuchotsedwa ndi sizasi. Kumagawidwa mofanana kwa mapuliti onse, sentimita imodzi aliyense. Pa mzere wa hipi, womwe kawirikawiri umakhala masentimita 18 mpaka 20 kutsika kuchokera m'chiuno, puliti ionetsa 4 n'kubisa 8. Pofika m'chiuno ionetsa 3 n'kubisa 9. Telala waluso amakhoma mapini potsatira kupendekeka kumeneku, n'kusoka puliti iliyonse kuchokera m'chiuno kulekeza pahipi kuti pamimba pagone bwino. Kuchokera pamenepo kutsika m'munsi, mizere iyenera kuwongoka motsatira ulusi wa nsalu. Ikapendekeka, mapuliti amapotokola siketi ikangochapidwa kamodzi.

Nthawi zambiri zinthu zimayenda mobwerera: nsalu ilipo kale, ndipo funso ndi lakuti mapuliti alowe mozama bwanji. Mayi wabwera ndi chitenje chimodzi cha mamita awiri chimene analandira pachinkhoswe, ndipo china chofanana nacho sichingapezekenso pamsika. Telala angachigoneke m'litali, kuti mamita awiriwo azungulire thupi, kutalika kwa siketi kuchokere m'lifupi, bandi atuluke pa chotsala. Akachotsa masentimita 8 a msoko, zipi ndi kuwongola m'mphepete modulidwa mokhota, atsala ndi 192. Pa muyeso womwe uja wa 96, nsalu yobisa ndi 96 basi. Akaigawa kwa mapuliti 24, aliyense alandira 4, ndipo poti kuya kumawerengedwa kawiri, puliti ilowa masentimita 2 okha.

Puliti ya masentimita 2 pansalu ya thonje siikhalitsa. Munthu akakwera minibasi n'kutsika, theka la mapulitiwo latseguka. Nzeru yabwino ndi kuchepetsa chiwerengero m'malo mochepetsa kuya: mapuliti 12 oonetsa masentimita 8, obisa 8, olowa 4. Nsalu ndi yomweyo, koma siketi imagwa bwino ndipo maluwa a chitenje amapeza malo oonekera. Pachitenje cha maluwa akuluakulu ndi bwinonso kuyeza mtunda umene duwa limabwerezedwa, chifukwa nsalu yonse ya puliti imodzi ikafanana ndi mtunda umenewo, duwa lomwelo limagwera pankhope ya puliti iliyonse. Osoka zovala za amuna za ku Scotland zotchedwa kiliti amachita chimodzimodzi ndi mizere ya nsalu yawo, ndipo mapuliti ake amalowa mozama kwambiri moti chovala chimodzi chimatha mayadi pafupifupi 8.

Puliti ya bokosi ndi mapuliti awiri a naifi ofulatirana, wina wogonera kumanja wina kumanzere, pakati pawo n'kutsala nkhope yotakata. Choti musaiwale n'chakuti kuya kwake kumawerengedwa kanayi, kawiri mbali iyi ndi kawiri mbali inayo. Kwa mtsikana uja, mabokosi 8 aonetsa masentimita 12 aliyense pahipi. Kuti akhale odzaza, mapindo a kuseri akumane pakati penipeni, mbali iliyonse ilowa masentimita 6. Kanayi 6 ndi 24, kuphatikiza nkhope ya 12, bokosi limodzi latha 36, ndipo onse 8 akwana 288 yomwe ija. Choncho bokosi lodzaza silidya nsalu yambiri kuposa naifi yodzaza, ngakhale ambiri amaganiza choncho. M'chiuno bokosi lichepa kufika pa 9, ndipo masentimita 3 ochotsedwawo agawidwe pakati, 1.5 mbali iliyonse, apo ayi bokosi lipendekeka. Pachitenje chija cha 192, bokosi lililonse lili ndi 12 yobisa, ndiye kuti kuya ndi 3. Wophunzira amene wagawa ndi 2 m'malo mwa 4 amazindikira mochedwa, nsalu itamuthera mabokosi asanakwane.

Puliti yotembenuza ndi bokosi lomwelo loonedwa kuseri. Mapindo awiri amakumana kunja, nkhope yotakata ija n'kubisala m'kati, choncho masamu ake sasintha. Imakonda kuikidwa imodzi yokha, kutsogolo kwa siketi kapena kumbuyo kwa siketi yothina ya kuofesi, kuti mwendo upeze mpata poyenda. Ikakhala yolowa masentimita 6, pa patani wamba pawonjezedwe masentimita 24. Pamwamba pake pamasokedwa motseka mpaka pamene mwini siketi akufuna kuti itsegukire, ndipo pothera msokowo pamafunika kubwereza kangapo, chifukwa mphamvu yonse ya kuyenda imakokera pamenepo.

Masamu akatha, pali zina zing'onozing'ono zimene zimawononga ntchito yowerengedwa bwino. Choko chokhuthala ndi chimodzi mwa izo. Kuphonya ndi mamilimita 2 pa puliti imodzi sikuoneka, koma pa mapuliti 24 ndi pafupifupi masentimita 5, okwanira kuti zipi ikane kutseka. N'chifukwa chake ndi bwino kusongola choko, kudula kakatoni kokhala ndi zizindikiro za 4 ndi 8 n'kumayezera komweko, ndiponso kuyeza ndi tepi akangomaliza mapuliti 6 oyamba: ayenera kukwana masentimita 24 pahipi ndi 18 m'chiuno. Nsalu yokhuthala imadyanso pang'ono pa kupinda kulikonse, choncho siketi yake imatuluka yothina kuposa mmene pepala linanenera. Kuyesa mapuliti atatu pa kachidutswa kotsala kumaonetsa msanga kuchuluka kwa zimene zikutayika.

Misoko yolumikiza zidutswa iyenera kugwera m'kati mwenimweni mwa puliti, pamene nsalu imabwerera, kuti isaoneke. Zipi nayonso imabisidwa pansi pa puliti, kawirikawiri kumanzere. Ichi n'chifukwa china chosagulira nsalu yongokwanira ndendende, poti kusuntha msoko kuti ubisike kumataya masentimita angapo. Chitenje chichapidwe chisanadulidwe, chifukwa thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba ndipo sitachi yake imanamiza muyeso. Mpendero wa m'munsi upindidwe ndi kusitidwa mapuliti asanayambe, popeza kupinda mpendero pa nsalu yokhala kale ndi mapuliti kumatupitsa m'munsi.

Nsalu ya poliyesitala imasunga mapuliti ngakhale itachapidwa kambirimbiri, pamene thonje limawataya ndipo limafuna simbi nthawi iliyonse. Pa siketi ya chitenje, telala angathandize posoka kamzere kopyapyala m'mphepete mwa pindo la m'kati la puliti iliyonse, kuti wosita kunyumba azingotsatira. Positapo koyamba, mapuliti amangidwe kaye ndi ulusi wongogwirizira, pamwamba payalidwe kansalu konyowa, simbi izitsitsidwa ndi kunyamulidwa osati kukhwekhwerezedwa, ndipo siketi isachotsedwe pathebulo mpaka itazizira ndi kuuma.