Zenera lowala, chipinda chamdima: mungajambule bwanji zonse zioneke?

Mwini malo ogona alendo ku Mangochi akafuna kutsatsa chipinda chake, amafuna kuti pachithunzi paoneke zinthu ziwiri: bedi loyalidwa bwino komanso nyanja ikuonekera pazenera. Koma kawirikawiri chimodzi chimasowa. Bedi likaoneka, zenera limangoyera mbuu. Nyanja ikaoneka, chipinda chimada bii.

Sikuti kamerayo ndi yowonongeka ayi. Diso la munthu limasintha lokha likachoka pamdima n'kuyang'ana powala, pamene kamera imasankha mlingo umodzi wa kuwala pa chithunzi chonse, ndipo kusiyana kwa panja ndi m'nyumba masana kumaiposa mphamvu. Ojambula amayeza kusiyanaku ndi masitopu. Kuwonjezera sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri, kuchotsa imodzi ndi kukudula pakati.

Mankhwala ake ndi bulaketi, kutanthauza kujambula malo amodzimodziwo kangapo, china chakuda, china chapakati, china chowala, kenako n'kuziphatikiza kukhala chithunzi chimodzi. Pa makamera a Canon njirayi imalembedwa AEB, pa a Nikon BKT. Ambiri amangosankha zithunzi zitatu zotalikirana masitopu awiri n'kuyamba kujambula, ndiye apa m'pamene amaphonya. Choyamba m'pofunika kuyeza mbali zonse ziwiri.

Tibwerere m'chipinda chija. Ikani kamera pa miyendo yake itatu ija, kapena patebulo losagwedera. Sankhani M, ikani ISO 100 ndi f/8, ndipo ziwirizi musazisunthenso, chifukwa mukasintha f/8, zimene zimaoneka zakuthwa kutsogolo ndi kumbuyo zidzasiyana pa chithunzi chilichonse ndipo siziphatikizana bwino. Chosintha ndi liwiro la shata lokha. Lozani kamera panja kuti zenera lidzaze chithunzi chonse. Dzuwa lili phwee, mupeza kuti nyanja ikufuna liwiro la cha m'ma 1/500. Kenako lozani pakona yamdima, ndipo tinene kuti pamenepo pakufunika 1/2, theka la sekondi. Kuchoka pa 1/500 kufika pa 1/2 ndi masitopu 8.

Tsopano onani vuto la zithunzi zitatu zija. Zikayambira pakati, pa 1/30, zimangofika pa 1/125 mbali ina ndi 1/8 mbali inayo. Mbali iliyonse yaperewera masitopu awiri, choncho mitambo idzapsabe ndipo kunsi kwa bedi kudzakhalabe zii. Chipinda chimenechi chikufuna zithunzi zisanu: 1/500, 1/125, 1/30, 1/8 ndi 1/2. Ngati kamera yanu imangolola zitatu, tembenuzani liwiro ndi dzanja pang'onopang'ono, ndipo tcherani nthawi ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze kamera pojambula.

Musanachoke, yang'anani zithunzi ziwiri za kumapeto. Pa chakuda kwambiri, mitambo ndi mzere wa madzi zioneke bwinobwino, ngakhale chipinda chonse chitakhala mdima wokhawokha. Pa chowala kwambiri, nsalu ya pabedi ndi matabwa a kabati zioneke popanda timadontho ta phokoso. Zikatero mwatola zonse. Kuphatikiza kwake n'kosavuta: mu Lightroom mumasankha zithunzi zisanuzo, n'kupita pa Photo Merge, kenako HDR. Mukajambula mu RAW zimatuluka bwino koposa.

Foni ikakhala pa HDR imachita zomwezi payokha, kujambula kangapo m'kanthawi kochepa n'kuphatikiza nthawi yomweyo. Pa chipinda chowala pang'ono imakwanitsa ndithu. Ithandizeni poitsamiritsa pakhoma, kudina pafupi ndi zenera, n'kutsitsa kuwala pang'ono mpaka kunja kuonekere. Pukutaninso galasi la kamera, pakuti mafuta a zala amamwaza kuwala kwa pazenera ngati chifunga.

Chimene chimawononga kwambiri ntchitoyi ndi kusuntha. Katani ikaweyuka ndi mphepo ya kunyanja, kapena munthu akadutsa, pachithunzi pamatsala chizukwa, chinthu chimodzi chooneka pawiri. Tsekani zenera, zimitsani fani, ndipo ana adikire kaye panja. Vuto lina limabwera pokonza. Ena amawalitsa mithunzi yonse n'kudetsa zenera mpaka panja ndi m'nyumba zifanane, ndipo mudzawazindikira ndi mkombero woyera wozungulira felemu la zenera. Ine ndimakana zimenezi, chifukwa palibe nyumba imene imaoneka choncho. Zenera lisiyeni likhale lowala kuposa makoma, ndipo makona akhale ndi kamthunzi kake.

Ngati dzuwa silikulowa mwachindunji pazenerapo, m'mamawa kapena chakumadzulo kusiyana kuja kumachepa kokha. Mukayatsanso magetsi a m'chipinda, nthawi zambiri zithunzi zitatu zimakwana, kungoti mababu achikasu amasiyana mtundu ndi kuwala kwa panja, ndipo muyenera kudzawongola mtunduwo pokonza.