Wayifayi ikuoneka koma intaneti kulibe: dzina ndi pasiwedi za PPPoE

Tiyerekeze kuti pa sitolo ina yosindikiza mapepala rauta yapsa ndi mphenzi nyengo ya dzinja. Mwini wake wagula yatsopano, walumikiza mawaya monga analili, magetsi a pa rauta ayaka, ndipo foni yagwira wayifayi mizere yonse yodzadza. Koma akati atsegule tsamba lililonse, palibe chikutseguka. Apa anthu ambiri amathamangira kunena kuti awagulitsa chinthu chakufa. Nthawi zambiri rautayo imakhala ili bwinobwino, kungoti sinadzitchule dzina kwa kampani yopereka intaneti.

Makampani ambiri omwe amabweretsa intaneti pa waya wa faiba, pa waya wa telefoni ya m'nyumba kapena pa kambale ka padenga amagwiritsa ntchito njira yotchedwa PPPoE. Njirayi inalembedwa mu 1999 m'chikalata cha RFC 2516, ndipo inachokera ku nthawi imene kompyuta inkachita kuimba nambala ya telefoni kuti ilowe pa intaneti. Kuimbako kunatha, koma mwambo wotchula dzina ndi pasiwedi unatsala. Kampani imadziwira pamenepo kuti amene walumikizayu ndani, analipira kapena ayi, ndipo ayenera kupatsidwa liwiro lanji. Rauta yakale ija inali ndi zinthu ziwirizi m'kati mwake chifukwa mmisiri anazilowetsa tsiku limene ankaika intaneti. Yatsopanoyi yabwera yopanda kanthu. Tinene apa kuti marauta a simu khadi, amene ambiri ali nawo m'nyumba, nkhaniyi siwakhudza, chifukwa iwo amadziwika ndi simuyo.

Chomwe chimasokoneza anthu kwambiri n'chakuti pa rauta imodzi pali mapasiwedi atatu. Yoyamba ndi ya wayifayi, imene mumapatsa alendo. Yachiwiri ndi yotsegulira tsamba la makonzedwe a rauta, imene nthawi zambiri imalembedwa pa kapepala komata kunsi kwake, kapena rauta imakuuzani kuti musankhe nokha poyamba. Yachitatu ndiyo ya PPPoE, ndipo imeneyi simungaipeke kapena kuisintha nokha. Mwini wake ndi kampani. Imapezeka pa pepala la mgwirizano, mu uthenga umene anakutumizirani, kapena mukawaimbira n'kutchula nambala ya akaunti yanu.

Tibwerere ku sitolo kuja. Mwini wake wapeza pepala, ndipo palembedwa chonchi, mwachitsanzo chabe:

```
Username: sitolo0417@fibre
Password: Kx7lO29b
```

Choyamba aonetsetse kuti waya wochokera ku kabokosi ka kampani walowa m'bowo lolembedwa WAN kapena Internet, limene kawirikawiri limakhala la mtundu wosiyana ndi anzake. Kenako, foni kapena kompyuta ili pa wayifayi ya rautayo, atsegule Chrome n'kulemba 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pamwamba penipeni polemba adiresi. Nambala yoyenera ili pa kapepala kakunsi kaja. Tsambali limatseguka ngakhale intaneti palibe, chifukwa likuchokera mu rauta momwemo. Akalowa ndi pasiwedi yachiwiri ija, afufuze gawo lolembedwa Internet kapena WAN. Pa Connection Type marauta ambiri amabwera ali pa Dynamic IP, ndipo n'chifukwa chake intaneti imakana. Asinthe pakhale PPPoE, ndipo mabokosi awiri a Username ndi Password atulukira. Alembe, adine Save, adikire mphindi imodzi kapena ziwiri. Mabokosi a Service Name ndi AC Name awasiye opanda kanthu pokhapokha kampani itanena zolembamo.

Kulembako ndiye kumafuna maso. Dzina liyenera kulowa lonse, kuphatikizapo @ ndi zonse zotsatira, chifukwa mbali imeneyo nthawi zina ndi imene imalondolera pempho lanu kumalo oyenera. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono si zofanana pa pasiwedi. Taonani bwino chitsanzo chija: pambuyo pa 7 pali l wamng'ono, wofanana kwambiri ndi nambala 1, ndipo pambuyo pake pali chilembo O chimene munthu angachiyese 0. Foni nayo ili ndi khalidwe lokuza yokha chilembo choyamba, moti sitolo0417 imasanduka Sitolo0417 inu osazindikira. Mukakopera pasiwedi kuchokera mu uthenga, kampata kosaoneka kamatha kutsatira kumapeto, ndipo kampani imakawerenga ngati chilembo. Ine ndimalangiza kulemba ndi dzanja, chilembo chimodzichimodzi, mutadina kachizindikiro ka diso kuti muziona zimene mukulemba.

Zikatheka, pa tsamba la Status pamalembedwa Connected, ndipo pa IP Address pamabwera nambala yeniyeni m'malo mwa 0.0.0.0.

Zikakanika, musayambe kusinthasintha chilichonse. Kulumikizana kwa PPPoE kuli ndi magawo awiri, ndipo kudziwa gawo limene lakanika kumapulumutsa tsiku lonse. Zili ngati kufika pakhomo la eni: mumayamba mwaodira, ndipo akayankha m'pamene amafunsa kuti ndinu ndani. Rauta imayamba yatumiza uthenga wotchedwa PADI wofufuza makina a kampani, makinawo amayankha ndi PADO, agwirizana, kenako m'pamene dzina ndi pasiwedi zimafunsidwa. Marauta ambiri ali ndi tsamba la System Log pomwe zonsezi zimalembedwa. Mawu ake amasiyana malinga ndi rauta, koma mukhoza kuona ofanana ndi awa:

```
Timeout waiting for PADO packets
CHAP authentication failed
```

Mzere woyambawo ukutanthauza kuti rauta yaodira koma palibe wayankha. Pasiwedi sinafunsidwe n'komwe, ndiye kuilemba kakhumi sikungathandize. Vuto lili pa waya, pa bowo lolakwika, pa kabokosi ka faiba ngati getsi la LOS layaka lofiira, kapena kampani imafuna nambala ya VLAN ID imene rauta yakale inali nayo koma yatsopano ilibe. Nambala imeneyo muifunse kwa iwo, si yongoganizira.

Mzere wachiwiri, kapena wofanana nawo wotchula PAP, ndi nkhani yabwinoko. Waya uli bwino, makina a kampani akumva, koma akana zimene mwalemba. Mukalumikiza kompyuta ya Windows mwachindunji popanda rauta, kukana komweku kumabwera ndi nambala 691. Apa bwererani ku zilembo zija. Ngati mwatsimikiza kuti zonse zili molondola, mwina akaunti yatsekedwa chifukwa mwezi watha, kapena kampani inamangirira akauntiyo ku rauta yakale ndipo iyenera kuimasula kuti ilandire yatsopano. Palinso china chimene chimachitika magetsi akazima mwadzidzidzi: rauta imazima osatsanzika, makina a kampani n'kumaonabe ngati mudakali pa intaneti, ndipo ngati akaunti imaloledwa kulowa kamodzi kokha pa nthawi, amakukanani mukabweranso. Zimenezi zimatha zokha pakapita mphindi zochepa, kapena kampani ikadula kulumikizana kwakaleko.

Poimba foni, kunena kuti “rauta ikulandira yankho koma ikukanidwa pasiwedi” kapena “sikulandira PADO” kumathandiza wa ku kampaniyo kudziwa poyambira, kusiyana ndi kungoti intaneti sikugwira.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi kabatani ka Reset kobisika m'kabowo kumbuyo kwa rauta. Intaneti ikangochedwa pang'ono, pamapezeka wina wolangiza kuti mukabaye ndi phini. Kukanikiza kabatani kameneko kwa masekondi angapo kumafufuta zonse, dzina ndi pasiwedi za PPPoE zomwe, ndipo marauta ambiri saonetsa pasiwediyo, amangoika timadontho. Ngati mukufuna kuti rauta iyambirenso, zulani pulagi, mudikire pang'ono, mubwezeretse, ndipo palibe chimene chitayike. Intaneti ikadali kugwira, pemphani kampani ikupatseni dzina, pasiwedi ndi VLAN ID ngati ilipo, muzilembe mu kope limene mumasungamo malisiti, osati pa khoma pomwe makasitomala amawerenga pasiwedi ya wayifayi.