Mandasi a munthu mmodzi: iwalani kapu, gwirani supuni

Mabuku ambiri ophunzitsa kuphika amalemba miyezo ya anthu anayi. Amene amakhala yekha akati agawe kanayi, amapeza zinthu zosayezeka: kota ya dzira, kapena kagawo ka kapu komwe kalibe mzere pa kapu iliyonse. Vutotu si masamu, koma chiwiya choyezera. Kapu ndi yaikulu kwambiri pa chakudya cha munthu mmodzi.

Musanagawe, sandutsani makapu akhale masupuni. Kapu yoyezera ya mamililita 240 imalowa masupuni aakulu 16, ndipo supuni yaikulu imalowa masupuni a tiyi atatu. Makapu a pakhomo amasiyana, choncho thirani masupuni 16 a madzi m'kapu yanu muone pamene alekezera.

Titenge mandasi a anthu anayi: fulawa makapu awiri, shuga kota ya kapu, mkaka makota atatu a kapu, dzira limodzi, bekingi pauda masupuni a tiyi awiri. Fulawayo ndi masupuni aakulu 32, ndiye munthu mmodzi atenga 8. Shuga ndi masupuni anayi, atenga imodzi. Mkaka uja, womwe ukanazunguza mutu, ndi masupuni 12, atenga atatu basi. Supuni iliyonse muziisalaza pamwamba ndi mpeni, chifukwa yodzaza mpaka kutumphuka imatha kunyamula fulawa wa masupuni awiri.

Dzira ndilo limavuta. Liswereni m'kapu, mulimenye mpaka choyera ndi chachikasu zisakanikirane, pakuti losamenya silitungika, limatsetsereka lonse. Dzira lalikulu limakwana masupuni aakulu pafupifupi atatu, kutanthauza masupuni a tiyi 9. Tunganipo awiri, lotsalalo mukazinge ndi tomato nthawi yomweyo. Ena amathira dzira lonse poopa kuwononga. Ine sindigwirizana nazo: mtanda umachita madzimadzi, muwonjezera fulawa, kenako shuga, mapeto ake mwaphikira anthu atatu.

Shuga ndi mkaka mutha kuwonjezera kapena kuchepetsa pang'ono popanda chovuta. Bekingi pauda ayi. Apa pafunika theka la supuni ya tiyi, osapitirira. Akachuluka, mandasi amawawa pa lilime ndipo amamwa mafuta. Mchere ingotsinani ndi zala.

Chimene sichigawidwa kanayi ndi mafuta okazingira. Mandasi amafuna kuyandama, choncho chofunika ndi kuya kwa mafuta. Siyani chiwaya chachikulu, tengani kapoto kakang'ono kuti mafuta ochepa afike masentimita anayi kapena asanu. Mafuta ochepa amatentha msanga ndiponso amazizira msanga, ndiye ponyanimo kamtanda kaye. Kakakhala pansi osawira, dikirani. Kakada nthawi yomweyo, chepetsani moto, apo ayi mandasi apserera kunja m'kati muli mwauwisi. Nthawi yokazinga nayo sichepa: ndasi la munthu mmodzi limapsa mphindi zomwezo ngati la banja lonse.