Uthenga wa Kumapeto kwa Chaka: Zimene Wogulitsa Zipangizo za Ulimi Ayenera Kuuza Makasitomala

Disembala akafika pakati, mafoni amadzaza ndi mauthenga ochokera ku mabanki, kumasitolo ndi ku makampani a foni. Ambiri amangoti zikomo, Khirisimasi yabwino, chaka chatsopano chopambana. Munthu amawerenga mzere woyamba n'kufufuta. Koma uthenga womwewo ukalembedwa bwino ungabweretse kasitomala pakhomo pa sitolo patapita miyezi inayi. Titenge chitsanzo cha wogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala pa tireding'i senta, amene makasitomala ake ambiri ndi alimi.

Choyamba chimene wamalonda wotere ayenera kukumbukira n'chakuti chaka cha pa kalendala chimatha ulimi uli pakatikati. Mu Disembala mlimi wadzala kale, akupalira, akuthira feteleza wobereketsa wa Urea, ndipo maso ake ali pa mbozi za ntchemberezandonda m'chimanga. Ndalama zambiri zapita ku mbewu ndi feteleza, Januwale akubwera ndi fizi ya ana a sukulu, ndipo nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kupepuka. Kumuuza munthu ameneyu kuti abwere mawa adzagule zambiri n'kutaya mawu. Nyengo yoyenera kumukonzekeretsa ndi ya Epulo ndi Meyi, pamene adzafune matumba ndi mankhwala osungira chimanga, komanso mbewu za kudimba monga tomato, anyezi, kabichi ndi repu.

Gawo lofotokoza za chaka chimene chikutha ndi limene ambiri amalakwitsa. Amalemba kuti bizinesi yakula, phindu lachuluka, atsegula nthambi ina. Kwa mlimi amene wagula thumba la feteleza pa mtengo wowawa, mawu amenewo amamveka ngati kunyadira ndalama zake. Chofunika ndi zimene iye anaziona ndi maso ake. Wamalonda atsegule kope la malonda n'kusankhamo zinthu ziwiri kapena zitatu: katundu amene anayenda kwambiri, amene anasowa anthu akumufuna, ndi dandaulo limene linamveka kawirikawiri. Ngati mbewu ya chimanga chocha msanga inatha mu Novembala mvula itangoyamba, anene choncho, ndipo anene chimene wachita kuti zisadzachitikenso. Makasitomala amakumbukira tsiku limene anabwerera chimanjamanja atalipira kabaza, ndiye kungokhala chete pa nkhaniyo sikuiiwalitsa.

Gawo lachiwiri, lolengeza zotsitsa mitengo, limafuna masamu lisanalembedwe. Tiyerekeze kuti wamalondayu amaoda thumba la PICS, lija losunga chimanga popanda mankhwala, pa K4,000 n'kuligulitsa pa K5,000. Phindu lake ndi K1,000 pa thumba. Akalengeza kuti watsitsa ndi 10 peresenti, wachotsa K500, ndipo K500 imeneyo yachoka pa phindu, osati pa mtengo woodera. Phindu latsika ndi theka. Amene ankagulitsa matumba 200 n'kupeza K200,000 ayenera tsopano kugulitsa 400 kuti apeze ndalama yomweyo. Ngati dera lake lilibe ogula ochuluka choncho, ndiye kuti wangopereka mphatso kwa anthu amene akanagula ndithu pa mtengo wakale.

Njira ina ndi yakuti wogula matumba 10 alandire limodzi laulere. Apa wamalonda amalandira K50,000 pa matumba 11 amene anamudyera K44,000, n'kutsala ndi K6,000. Pa thumba lililonse phindu silikusiyana kwenikweni ndi la njira yoyamba ija, koma kusiyana kuli pa amene akulandira. Wogula thumba limodzi kapena awiri amalipirabe mtengo wonse, pamene makalabu a alimi ndi magulu a banki m'khonde amasonkherana kuti akwanitse 10. Kutsitsako kumagwira ntchito yokoka ogula ambiri nthawi imodzi.

Vuto lina ndi kulonjeza mtengo wa katundu amene sanafike. Feteleza ndi mankhwala ambiri a ulimi amachokera kunja, choncho mitengo yake imayenda ndi mphamvu ya kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo m'masitolo n'kusintha m'masiku ochepa. Amene analonjeza mtengo wa miyezi inayi kutsogolo akanasankha pakati pa kuluza ndalama ndi kuphwanya mawu ake. Akuluakulu anati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Mtengo weniweni utchulidwe pa katundu yekhayo amene ali kale m'sitolo. Pa katundu amene akubwera, ndi bwino kulonjeza chinthu chosadalira mtengo, ngati thumba laulere lija. Lonjezo lililonse likhale ndi tsiku loyambira, tsiku lothera, ndi kuchuluka kwa katundu. Kukopa anthu ndi mtengo wotsika wa katundu amene kulibe ndi kunamiza ogula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a mtundu umenewu.

Zonsezi zikaphatikizidwa, uthenga ungamveke motere:

"Makasitomala athu olemekezeka, zikomo potigula chaka chino. Mu Novembala mbewu yocha msanga inatithera, ndipo ena mwa inu munabwerera osagula. Pepani. Chaka chamawa tidzayamba kulemba mayina a ofuna mbewu mu Seputembala kuti tiode yokwanira. Pokonzekera zokolola, kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Meyi, aliyense wogula matumba a PICS 10 adzalandira limodzi laulere. Tapatula matumba aulere 50, akatha ndiye kuti zatha. Mukabwera mudzationetse uthengawu. Sitolo idzatsekedwa pa 25 Disembala ndi pa 1 Januwale pokha. Mvula ikugwereni bwino."

Uthengawu ndi waufupi moti munthu angauwerenge ali chiimire m'munda, komanso angawerengere mnzake amene sadziwa kuwerenga. Mulibe mawu akuti "mitengo yotsika kwambiri" amene aliyense angawamve mwa njira yake.

Katumizidwe nako kali ndi misampha yake. Pa WhatsApp, kuika makasitomala onse pagulu limodzi kumaonetsa nambala ya aliyense kwa anzake, ndipo ena amakwiya n'kutuluka. Mndandanda wotumizira anthu ambiri payekhapayekha umapewa zimenezi, koma umalola anthu 256 okha, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya sitolo m'foni mwawo. N'chifukwa chake ndi bwino kumapempha ogula kusunga nambalayo chaka chonse akamalipira. Alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndiye amafunika uthenga wa SMS, umene umatenga zilembo 160. M'menemo mungokwana dzina la sitolo, zikomo, lonjezo ndi masiku ake. Pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu pachitseko limafikira amene alibe foni.

Popeza pakati pa Disembala ndi Epulo pali miyezi yambiri, chikumbutso chachifupi kumapeto kwa Malichi n'chofunika. Ndipo mawu aja akuti "mudzationetse uthengawu" ali ndi ntchito yake. Wogulitsa azilemba m'kope aliyense woonetsa uthengawo ndi zimene wagula. Pofika pa 31 Meyi adzaona ngati matumba aulere 50 aja anatha msanga, anatsala, kapena sanafunsidwe n'komwe. Akatha m'masabata awiri, chaka chamawa angapatule ambiri. Akatsala ochuluka, afunse ogula ngati uthenga unawafika, chifukwa vuto lingakhale pa katumizidwe, pa masiku amene anasankha, kapena pa chiwerengero cha 10 chimene chinawakulira.