Jinzi yaiwisi ndi jinzi yochapiratu: chinsinsi chili mu ulusi

Nsalu yosokera jinzi, yotchedwa denimu, imalukidwa ndi ulusi wa thonje wa mitundu iwiri. Ulusi wotsata mlitali amaunyika mu utoto wa indigo, pomwe wopingasa amausiya woyera. Poluka, ulusi wa buluu umadutsa pamwamba pa ulusi woyera utatu n'kulowa pansi pa umodzi. N'chifukwa chake jinzi imakhala ya buluu kunja koma yotuwa mkati.

Indigo salowerera mu thonje ngati utoto wina. Kufakitale amamiza ulusi mu utotowo, kuutulutsa kuti upitidwe mphepo, kuumizanso, kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse utoto umangomatirira pamwamba. Ulusiwo ukadulidwa umaoneka ngati chinangwa: khungu loderako, mkati moyera. Choncho jinzi ikamasuluka, ndiye kuti khungu lija likupalika ndipo zoyera zamkati zayamba kuonekera. Kusiyana konse kwa jinzi yaiwisi ndi yochapiratu kwagona pamenepa: ndani akupala utotowo, wovala kapena fakitale.

Jinzi yaiwisi ndi imene sinachapidwe chisokereni. Imakhala ya buluu wodera pafupifupi kuda, yonyezimira pang'ono, ndiponso yolimba gwa chifukwa cha sitachi amene amapaka ulusi kuti usaduke poluka. Masabata oyamba imavuta kukhala nayo pansi, ndipo imadetsa chilichonse choyera chomwe yakhudza, kaya nsapato, mpando wa sofa kapena m'munsi mwa shati. Majinzi akale onse ankagulitsidwa chonchi, kuphatikizapo a kampani ya Levi Strauss, yemwe pamodzi ndi telala Jacob Davis analembetsa mu 1873 luso lokhomera timisomali ta kopa m'makona a matumba. Lero jinzi yaiwisi yotchuka kwambiri imachokera ku Japan, makamaka kudera la Kojima m'chigawo cha Okayama.

Yochapiratu imafika m'sitolo itafewa kale. Ina amangoitsukuluza kamodzi kuchotsa sitachi, ina amaizunguza m'makina pamodzi ndi miyala yopepuka ya kuphiri lophulika, ina amaikwecha ndi sandipepa, kuithira mankhwala oyeretsa kapena kuiwaula ndi makina a kuwala kotentha kuti ioneke yakale. Njira ina, yopopera mchenga mwamphamvu, inadwalitsa antchito ambiri matenda a m'mapapo, moti dziko la Turkey linailetsa mu 2009. Ubwino wa jinzi yotere ndi wakuti saizi yake sisinthanso kwenikweni ndipo sidetsa zinthu. Koma mizere yake inajambulidwa popanda kuyeza thupi la mwiniwake, kotero kaŵirikaŵiri malo oyera a bondo amagwera m'munsi mwa bondo lenileni. Komanso nsalu yokwechedwa imakhala itataya kale gawo la moyo wake. Majinzi ambiri a pa kaunjika ndi amtunduwu, ndipo ena asulukanso kachiŵiri pathupi la munthu wina.

Wogula jinzi yaiwisi afunse kaye ngati nsaluyo inafupikitsidwiratu. Njira yochitira zimenezi, yonyowetsa nsalu ndi kuipanikiza pamakina, anaitulukira Sanford Cluett cha m'ma 1930, ndipo nsalu yodutsamo imangobwerera pang'ono pochapa. Yosadutsamo imatha kufupika mpaka gawo limodzi mwa magawo 10. Thalauza la mainchesi 34 m'chiuno ndi 34 m'litali likhoza kutsika kufika cha pa 32 m'chiuno ndi 31 kapena 32 m'litali. M'chiuno mumadzatamukanso povala, koma m'litali simubwerera. Jinzi yotere iyenera kunyikidwa m'madzi ofunda kwa ola limodzi ndi kuyanikidwa isanavalidwe, ndipo isapite kwa telala kukadula miyendo isananyikidwe. Wodumpha zimenezi amadzaona thalauza likulekeza pamwamba pa akakolo, mizere yonse imene inayamba kupangika itasuntha malo.

Mizereyo imabadwa m'makwinya. Popeza nsalu ya sitachi ndi yolimba, pomwe yapindika tsiku loyamba imapindikanso pomwepo mawa, mpaka khwinyalo litakhazikika. Msana wa khwinya umakhudzana ndi manja, mipando ndi nsalu inzake, ndiye umayera. Mkati mwa khwinya mumabisika, ndiye mumakhalabe moderapo. Kutsogolo, m'munsi mwa lamba, kukhala pansi kumatulutsa mizere yofalikira m'mbali imene okonda majinzi amaitcha ndevu za mphaka. Kuseri kwa mawondo kumatuluka timabokosi totchedwa zisa za njuchi. Miyendo ikatalika n'kuunjikana pa nsapato, makwinya enanso amajambulika pamenepo. Foni yosungidwa m'thumba lomwelo tsiku ndi tsiku imasiya chithunzi cha makona ake anayi, ndipo m'makonamo ndi momwe mumayamba kubooka.

Liŵiro lake limatsata zochita za wovala. Wakabaza wopalasa njinga tsiku lonse amaona ntchafu ndi kumbuyo zikuyera m'miyezi yoŵerengeka, pomwe wa muofesi amadikira nthaŵi yaitali. Thalauza lothinako limapanga makwinya akuthwa kuposa lakhwepa, ndipo nsalu yokhuthala, yoposa maaunsi 14 pa yadi imodzi mbali zonse, imatulutsa mizere yooneka patali kuposa yopyapyala.

Apa ndi pamene pabwera nkhani ya kuchapa. Pakati pa okonda jinzi yaiwisi pali chizoloŵezi chodikira miyezi 6 isanaone madzi. Maziko ake alipo: madzi amachotsa sitachi, nsalu imafewa, makwinya amamasuka, ndipo utoto umachoka pang'ono pathalauza lonse, kotero kusiyana kwa poyera ndi podera kumachepa. Koma mtengo wake ndi wokwera. Fumbi ndi timchenga zoloŵa pakati pa ulusi zimaucheka pang'onopang'ono, ndipo thukuta ndi mafuta a m'thupi zimaufooketsa. Zotsatira zake zimaonekera m'mphechepeche, momwe nsalu imayamba kupyapyala, ulusi woyera wopingasa n'kutsala wokha, kenaka n'kung'ambika. Misana ya makwinya a kuseri kwa bondo imathanso kuthyoka. Miyezi 6 si lamulo, ndipo kumalo otentha ndi afumbi, monga m'chilimwe cha kuno, n'kuwononga chovala. Jinzi yochapidwa pafupipafupi imasulukabe, kungoti mofatsa, buluu wake n'kumawala mofanana ngati majinzi akale a antchito.

Muyeso wabwino ndi mphuno ndi dzanja. Jinzi ikayamba fungo, ikamamveka yonata, kapena ikagwera m'matope, yakwana kuchapa. Wofuna mizere yakuthwa akhoza kupirira miyezi iŵiri kapena itatu yoyamba kuti makwinya akhazikike, kenaka azichapa pafupifupi mwezi uliwonse ngati amavala tsiku ndi tsiku. Yochapiratu ilibe chodikirira, ichapidwe ikada. Za kuika jinzi mufiriji kuti majeremusi afe n'zopanda pake: kuzizira sikuwapha onse, ndipo litsiro limakhala pomwepo.

Pochapa, thalauza litembenuzidwe, linyikidwe lokha m'beseni la madzi ozizira ndi sopo pang'ono wopanda bulitchi kwa theka la ola, lifikisidwe mofatsa ndi manja, litsukuluzidwe mpaka thovu litatha. Madzi adzasanduka abuluu, zomwe n'zosadetsa nkhaŵa. Burashi yolimba, kumenyetsa pamwala ndi kupotokola mwamphamvu pofinya zimasiya zigamba ndi mizere yoyera yosokonekera imene sidzachokanso. Liyanikidwe pamthunzi, lopachikidwa cha m'chiuno osati lopindidwa pachingwe. Likauma, mwini ayang'ane m'mphechepeche poloza kuwala: ngati kuwala kukudutsa, telala aikepo chigamba mkati ndi kuyendetsa ulusi mobwereza lisanabooke.