Kusankha ndi Kuyesa Mahashitagi ndi Mawu Ofufuzira

Hashitagi ndi liwu lokhala ndi chizindikiro cha # kumayambiriro kwake, lomwe limasonkhanitsa pamodzi mapositi onse okamba nkhani imodzi. Chris Messina ndiye adayambitsa ganizoli pa Twitter mu 2007, ndipo Facebook idalitengera mu 2013. Mawu ofufuzira ndi aja munthu amalemba m'kabokosi kofufuzira akamasaka chinthu. Zonse ziwiri zimathandiza pokhapokha mawuwo akhale amene wosakayo amagwiritsa ntchito, osati amene mwini positi amawakonda.

Telala wa ku Area 25 mu Lilongwe, wosoka zovala za pachinkhoswe, ndi chitsanzo chabwino. Ntchito yake yoyamba ndi kulemba m'kope mawu amene makasitomala amanena akabwera pashopu kapena akamafunsa pa WhatsApp: diresi la chitenje, yunifomu ya chinkhoswe, telala ku Lilongwe. Amalawi ambiri amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi pofufuza, choncho mawu a zinenero ziwirizi amalowa m'kopemo. Kalembedwe nako n'kofunika. Ku Malawi amalemba chitenje, ku Zambia ambiri amalemba chitenge, pomwe ku Tanzania ndi ku Kenya amati kitenge. Chilembo chimodzi chikasiyana, hashitagiyo imakhala inanso, ndipo imafika kwa anthu ena.

Kenako liwu lililonse limalembedwa m'kabokosi kofufuzira pa Facebook, Instagram kapena TikTok. Foni imayamba kuonetsa mawu ena munthu asanamalize kulemba, ndipo amenewo amasonyeza zomwe anthu amasakadi. Chotsatira ndi kutsegula liwulo ndi kuona zili m'menemo. Pansi pa #fashion pamagwa mapositi ochokera padziko lonse nthawi iliyonse, moti diresi la telalayu limakwiririka msangamsanga, ndipo amene angalione ali kutali koti sangabwere kudzayezedwa. Hashitagi yongoipeka yekha ilibe woisaka. Yoyenera ili pakati, monga #chinkhoswe kapena #chitenje, yophatikiza ndi ya malo ngati #Lilongwe. Ngati m'liwulo mwadzaza za juga kapena zithunzi zakalekale, ndi bwino kulisiya.

Hashitagi silola mpata kapena zizindikiro za m'kalembedwe: #diresi la chitenje imathera pa liwu loyamba, ndipo kankhodolera wa m'mawu ngati m'mudzi amaidula pakati. Instagram yokha idalangiza kuti mahashitagi atatu kufikira asanu ndi okwanira. Mawu ofufuzira enieni amaikidwa m'chiganizo choyamba cha positi komanso m'dzina la tsamba, chifukwa makina ofufuzira amawerenga pamenepo. Positi yongoti "Zafika!" singapezeke, koma yoti "Madiresi a chitenje a pachinkhoswe, timasoka ku Area 25, Lilongwe" ikhoza kupezeka. Zonsezi sizigwira ntchito ngati akaunti ili yotseka kapena positi yaikidwa kuti aione abwenzi okha.

Kuyesa kumafuna kusintha chinthu chimodzi chokha. Telala amakonza magulu awiri a mawu. Gulu loyamba ndi la zovala basi: #chitenje, #africanprint, #ankara. Lachiwiri ndi la mwambo ndi malo: #chinkhoswe, #ukwati, #Lilongwe. Amaika mapositi khumi ofanana mtundu, pa ola limodzimodzi la tsiku, n'kumasinthanitsa maguluwo, asanu uku asanu uku. Positi imodzi siyokwanira kuweruzira, chifukwa chithunzi chokongola chimatha kuyenda chokha popanda thandizo la mawu. Kuyerekeza sabata ya malipiro ndi ya pakati pa mwezi nakonso kumasokeretsa.

Pakatha masiku asanu ndi awiri chiikire positi iliyonse, manambala ake amalembedwa. Pa Instagram amapezeka pa Insights akaunti ikakhala ya bizinesi, ndipo amasonyeza kuti mwa oona positiyo, ndi angati amene satsatira tsambalo. TikTok imasonyezanso gawo la oonera amene afika kudzera pa Search. Nambala yofunika kuposa zonse ndi ya anthu ofunsa mtengo, ndipo telala amaipeza pofunsa aliyense kuti wamudziwira kuti.

Mongoyerekeza, gulu loyamba lingafikire anthu 3,000 n'kubweretsa ofunsa awiri, pomwe lachiwiri lafikira 900 n'kubweretsa ofunsa asanu ndi mmodzi. Lachiwiri ndilo lapambana ngakhale kuti malaiki ake ndi ochepa. Oona akachuluka koma ofunsa palibe, mawuwo akuitana anthu olakwika. Oona akakhala otsatira akale okhaokha, mawuwo sakusakidwa. Zikatero amachotsa liwu limodzi, kuikapo lina, n'kuyesanso. Popeza zofuna za anthu zimasintha ndi nyengo, monga ya maukwati kapena yotsegulira sukulu, kuyesaku kumabwerezedwa pakapita miyezi itatu iliyonse.