Njanji inatha pa nthawi yake, koma okwera anali kuti?

Pa 6 Novembala 2007, Mfumukazi Elizabeth Yachiwiri inatsegula siteshoni ya St Pancras mumzinda wa London. Patangopita sabata imodzi, sitima za Eurostar zinayamba kunyamuka pamenepo kupita ku Paris ndi ku Brussels, zikuthamanga mpaka makilomita 300 pa ola pa njanji yatsopano ya makilomita pafupifupi 109 yomwe imakafika pakhomo pa ngalande ya pansi pa nyanja ya pakati pa England ndi France. Njanjiyo amaitcha High Speed 1. Inamalizidwa pa nthawi yomwe analonjeza, zomwe sizichitika kawirikawiri pa ntchito zikuluzikulu za boma, kaya kwathu kuno kaya kwa azungu komweko. Amisiri anayamikiridwa, makontirakitala analandira zawo, maofesi a pulojekiti anatsekedwa.

Funso lomwe linatsala linalibe mwini wake. Boma la Britain silinaike ndalama za misonkho pa ntchitoyi chifukwa chokonda zitsulo ndi konkire. Linavomera chifukwa cha chikalata chomwe chinalonjeza kuti anthu akuti adzakwera, nthawi yakuti idzapulumutsidwa, ndipo madera akuti adzatukuka. Kodi zimenezo zinachitika?

Lonjezo lalikulu linali la chiwerengero cha okwera. Kampani ya London & Continental Railways, yomwe inapambana ntchito yomanga njanjiyi mu 1996, inawerengera kuti pofika 2004 anthu oposa 21 miliyoni azidzakwera Eurostar chaka chilichonse. Ndalama za matikiti a anthu amenewo ndi zomwe zinayenera kubweza ngongole yomangira. Chaka cha 2004 chitakwana, okwera anali 7.3 miliyoni basi.

Wina atha kunena kuti kuyerekeza kumeneko n'kokondera, poti mu 2004 chigawo choyamba chokha ndicho chinali chitatha. N'zoona. N'chifukwa chake lipoti lomwe ofesi yolondoloza chuma cha boma la Britain, National Audit Office, inatulutsa mu Malichi 2012 ndi lofunika kwambiri. Ofesiyi inayang'ana zaka za kuyambira 2007 mpaka 2011, njanji yonse ikugwira ntchito, ndipo inapeza kuti okwera opita kunja anali gawo limodzi mwa magawo atatu a chiwerengero chomwe kampani ija inalonjeza poyamba. Mu 2011 anali 9.7 miliyoni. Ngakhale chiwerengero chotsikirapo chomwe boma linagwiritsa ntchito mu 1998 sichinafikidwe. Panasowa pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse.

Chinalakwika si njanji. Owerengera aja anaganiza ngati kuti opikisana nawo adzangokhala manja lende. Koma m'zaka zomwezo ndege zotsika mtengo zinachuluka ku Ulaya, ndipo eni zombo zowolotsa anthu pa nyanja anatsitsa mitengo. Munthu wa ku Manchester wofuna kukaona Paris sanaone chifukwa choyamba wapita ku London kukakwera sitima pomwe ndege ili pakhomo. Chizindikiro chinaoneka msanga ndithu. Mu 1998, ntchito yomanga isanayambe n'komwe, kampani ija inalephera kupeza ngongole pamsika chifukwa okwera anali ochepa, ndipo boma linachita kulowererapo n'kuikira chikole ngongoleyo. Pofika 2012, ngongole yomwe inagwera okhoma msonkho inali mapaundi 4.8 biliyoni.

Tsono pano ndi pamene nkhaniyi imaphunzitsa kawerengedwe kake. Polondoloza ngati malonjezo anakwaniritsidwa, sayamba ndi kufunsa ngati anthu akusangalala nacho chinthucho. Amayamba atenga chikalata choyambirira chija, n'kuona nambala yomwe inachititsa kuti akuluakulu asaine. Pa High Speed 1, boma linanena mu 1998 kuti pa paundi iliyonse yomwe lidzawononge, dziko lidzapindula paundi imodzi ndi theka.

Olondoloza chuma aja anawerengera kuti thandizo lonse lochokera kwa okhoma msonkho, kufikira chaka cha 2070, lidzakwana mapaundi 10.2 biliyoni. Mukachulukitsa 10.2 ndi 1.5 mupeza 15.3 biliyoni. Limenelo ndiye phindu lomwe liyenera kuoneka kuti lonjezo la 1998 likhale loona. Kenako anawerengera phindu lomwe limayezeka mosavuta, la nthawi yomwe apaulendo amapulumutsa. Kawerengedwe kake n'kotere: ulendo wa ku Paris unkatenga pafupifupi maola atatu, pano umatenga maola awiri ndi mphindi 15. Mphindi zopulumutsidwazo amazichulukitsa ndi chiwerengero cha okwera, kenako ndi mtengo womwe boma limaika pa ola limodzi la munthu wapaulendo. Anapeza mapaundi 7 biliyoni. Chotsani 7 pa 15.3, patsala 8.3 biliyoni. Ndiye kuti phindu loposa theka linayenera kuchokera kwina, ku zinthu monga kutukuka kwa madera ndi ntchito zatsopano, zomwe panthawiyo unduna wa zamtengatenga unali usanaziyeze.

Taonani momwe kuchepa kwa okwera kumapwetekera kawiri. Kumachepetsa ndalama za matikiti, motero boma limaonjezera zake. Kumachepetsanso phindu la nthawi, poti mphindi 40 zopulumutsidwa ndi anthu 10 miliyoni sizingafanane ndi mphindi 40 za anthu 21 miliyoni. Mtengo ukukwera, phindu likutsika, zonse chifukwa cha nambala imodzi yomwe inalembedwa molimba mtima zaka zambiri m'mbuyomo.

Chomwe chinakwiyitsa aphungu a komiti yoona za chuma cha boma ku nyumba ya malamulo, yomwe wapampando wake anali mayi Margaret Hodge, si kuphonya kokhako. Kulosera za zaka 20 zakutsogolo n'kovuta, aliyense amadziwa. Vuto linali loti undunawo unalibe dongosolo lokhazikika loyezera phindu, pomwe unali kale mkati mokonza njanji ina yaikulu kuposa imeneyi, High Speed 2, modalira kawerengedwe kofananako. Kunali kupita kukatenga ngongole yachiwiri usanaone ngati mbewu za ngongole yoyamba zinamera.

Chifukwa chake zimatere n'chosavuta kumva. Gulu lomanga limayezedwa ndi zinthu zitatu: nthawi, ndalama ndi ubwino wa chomangacho. Likapereka makiyi limabalalika. Koma phindu limayamba kubwera pamene iwo achoka, ndipo lina limatenga zaka khumi. Ngati chikalata chotsekera pulojekiti sichinatchule munthu kapena ofesi yomwe idzayeze, tsiku lomwe idzayeze, ndi thumba lomwe lidzalipire kuyezako, palibe amene adzachite. Ndani angadzipereke kukafukula nambala zomwe zingachititse manyazi bwana wake? Pa njanjiyi panaonjezekanso china: mu 2010 boma linagulitsa ufulu woyendetsa njanji kwa zaka 30 kwa mabungwe awiri a ku Canada osunga ndalama za penshoni, pa mtengo wa mapaundi oposa pang'ono 2 biliyoni. Kugulitsako kunayenda bwino, olondoloza chuma anayamikira. Koma ogulawo ntchito yawo inali kutolera ndalama kwa eni sitima, osati kufufuza ngati malonjezo a 1998 anali oona.

Kuyeza mochedwa kuli ndi vuto lake lomwe ndalama sizingakonze. Kuti munene kuti chinthu chasintha, muyenera kukhala mutalemba momwe chinalili kale. Komanso muyenera kuyankha funso lovuta kwambiri: njanji ikanapanda kumangidwa, kukanachitika chiyani? Sitima za Eurostar zinayamba kuyenda mu 1994 pa njanji zakale kuchokera ku siteshoni ya Waterloo. Choncho anthu 9.7 miliyoni aja si onse omwe anabwera chifukwa cha High Speed 1, ambiri akanakwerabe. Phindu la njanji yatsopano ndi okwera oonjezera okha, ndi mphindi zomwe akalewo anapulumutsa.

Pa za chitukuko cha madera ndiye pamavuta zedi. Dera la King's Cross, loyandikana ndi St Pancras, linali la mabwinja a njanji ndi nyumba zakugwa, lero kuli maofesi ndi sukulu ya ukachenjede. Ku Stratford, komwe njanjiyi imadutsa, kunachitikira masewero a Olimpiki mu 2012. Okonda njanjiyi amawerengera zonsezo ngati zipatso zake. Koma malo a pakati pa London ngati amenewo akanakhala osagwiritsidwa ntchito mpaka liti? Ndipo kampani yomwe yasamukira ku King's Cross kuchoka mbali ina ya mzinda womwewo sinabweretse ntchito zatsopano m'dziko, yangosuntha mipando. Woyeza wachilungamo amachotsa zoterezi. Ku Ebbsfleet, komwe siteshoni inamangidwa poyembekeza nyumba zikwizikwi, kwa zaka zambiri chomwe chinkaoneka kwambiri chinali malo oimikapo magalimoto.

Sikuti zonse zinali zokhumudwitsa. Mu 2009, sitima zothamanga za m'dziko momwemo zinayamba kugwiritsa ntchito njanjiyi, ndipo ulendo wochoka ku Ashford kupita ku London, womwe unkapitirira ola limodzi ndi mphindi 20, unatsika kufika pa mphindi zosakwana 40. Anthu a m'chigawo cha Kent anazikonda ngakhale tikiti yake ndi yokwererapo mtengo. Kulondoloza kwabwino kumalembanso zimenezi, chifukwa cholinga chake si kupeza wolakwa koma kudziwa mbali ya kulosera yomwe ingakhulupiridwe ulendo wina. Pano phunziro linali lomveka: amisiri analosera bwino za nthawi yomanga ndi liwiro la sitima, koma olosera za msika wa apaulendo opita kunja anaphonya kutali.

Undunawo unadzachita kafukufuku wake pambuyo pake, ndipo lipoti loyamba linatuluka mu 2015, patatha zaka zisanu ndi zitatu Mfumukazi itatsegula siteshoni. Linapeza kuti phindu lomwe linatheka kuliwerengera m'ndalama linali lochepa kuposa ndalama zomwe zinalowa. M'malo mwa paundi ndi theka pa paundi iliyonse, sipanakwane ndi paundi imodzi yomwe. Panthawiyo n'kuti malamulo ovomereza High Speed 2 ali kale m'nyumba ya malamulo.

Kwa ine, njanjiyi ndi yabwino, ndipo palibe angafune kuti izulidwe. Koma funso lomwe okhoma msonkho anafunsidwa mu 1998 silinali loti kodi idzakhala yabwino. Anauzidwa mtengo ndi phindu, ndipo pa muyeso umenewo lonjezo silinakwaniritsidwe. Ngakhale mu 2019, chaka chomwe Eurostar inanyamula anthu ambiri mliri wa Covid-19 usanafike, okwera anali pafupifupi 11 miliyoni, theka chabe la omwe analonjezedwa pofika 2004. Mu Malichi 2020 sitima zopita kunja zinasiya kuima ku Ashford ndi ku Ebbsfleet. Siteshoni ya Stratford International, yomwe dzina lake limanena za maulendo a kunja, sinaimepo sitima yonyamula anthu kupita ku Paris ngakhale tsiku limodzi.